Kufotokoza nkhani ya m'buku si kuunika buku

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndili kusukulu ya zauphunzitsi tinapatsidwa ntchito younika buku lililonse la m'chilankhulo chathu. Ine ndinasankha Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, lomwe ndinabwereka kwa mnzanga wa kutsidya kwa Muloza. Ndinalemba masamba awiri athunthu, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Pepala litabwera, pansi pake panali funso limodzi lokha: "Nanga iwe ukuti bwanji?" Ndinakhumudwa, koma aphunzitsi aja sananame. Ndinali nditalemba chidule, chija m'Chipwitikizi timati rezumu, n'kuchitcha kuunika.

Zomwe ndinalemba zinali zotere, ndikazifupikitsa. Nthondo anabadwira m'mudzi wa Achewa. Anakula ali wosamva ndi wakuba. Anachoka kwawo n'kukayendayenda kutali, kenako anabwerera. Pambuyo pake analowa ufumu ndipo anatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Pomaliza ndinawonjezera kuti bukuli ndi labwino ndipo lili ndi maphunziro ambiri.

Palibe bodza pamenepa. Vuto lake n'lakuti mphunzitsi wa kuno ku Milanje amene akuganiza zowerengera ana a kalasi 6 bukuli sapezapo thandizo. Kholo lomwe likufuna kudziwa ngati liwononge ndalama zake pa bukuli silipezaponso yankho. Mabuku a m'chilankhulo chathu ndi ochepa ndipo ndalama n'zosowa, choncho munthu akafunsa za buku amafuna kumva ngati likumuyenera. Pogula nandolo sitifunsa kuti thumba lachokera munda uti basi. Timaliika pasikelo, n'kulowetsa dzanja pansi kuti tione ngati mulibe miyala.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mwalemba chidule chokha. Tengani cholembera chofiira, muwerenge chiganizo chimodzichimodzi, ndipo mudule mzere pansi pa chiganizo chilichonse chomwe munthu wina amene anawerenga buku lomwelo angachitsutse. Palibe angatsutse zoti Nthondo analowa ufumu, choncho chiganizo chimenecho ndi cha chidule. Papepala langa lija mzere wofiira ukanagwa pa chiganizo chimodzi chokha, chija chakuti bukuli ndi labwino, ndipo nachonso chinalibe umboni. Mawu akuti "labwino" ndi "lili ndi maphunziro ambiri" mungawamate pa buku lililonse, ngakhale lomwe simunalitsegule.

Pokonza, choyamba ndi kunena munthu amene mukumuyezera bukulo. Nthondo ngati buku la wophunzira wa ku sekondale ndi nkhani ina, ngati buku la mwana wa zaka 11 ndi nkhani inanso. Mukapanda kunena zimenezi, mphamvu ndi zofooka zomwe mutchule zidzangokhala zokonda zanu. Ine ndinasankha kuyezera mphunzitsi wa ku pulayimale yemwe amaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri.

Chachiwiri, chidule chichepe. Pa ziganizo khumi, zitatu zokha zifotokoze nkhani, kuti wowerenga adziwe zomwe tikukamba. Zotsalazo zikhale zoyeza, ndipo mfundo iliyonse iyende ndi zinthu zitatu: chomwe mukunena, malo a m'buku omwe akuchitira umboni, ndi chomwe zikutanthauza kwa wowerenga uja munamusankha.

Nayi mphamvu ya Nthondo nditaikonza motero. Ntara sanatipatse mwana wabwino woti tizimutengera chitsanzo kuyambira tsamba loyamba. Anatipatsa mwana wakuba, n'kutionetsa m'mene abale ndi mudzi wonse ankavutikira naye. Izi zimachititsa kuti wowerenga akhulupirire nkhaniyo, chifukwa mudzi uliwonse uli ndi Nthondo wake. Kwa mphunzitsi, mitu ya ubwana wa Nthondo ndi yabwino poyambitsa kukambirana, popeza ana amatha kutsutsana okha ngati wolakwa ndi mwanayo kapena omulera. Taonani kuti tsopano wina akhoza kunditsutsa, ndipo akafuna kutero ayenera kutsegula buku.

Chofooka nachonso chimafuna umboni womwewo. Kwa ine, mathero a bukuli amapendekera mbali imodzi. Moyo wonse wokhotakhota wa Nthondo umawongoka iye akalowa Chikhristu, ngati kuti mudzi umene mlembi anaujambula mwaluso chotere unalibe mankhwala ake a munthu wovuta. Apa mbiri ya buku imathandiza. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Afirika. M'chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi, womasulira wake ndi T. Cullen Young, yemwe anagwirapo ntchito ya umishonale. Kudziwa izi kumatiuza chifukwa chake nkhani inalowera kumeneko, koma sikuchotsa chofookacho. M'kalasi mwathu muli ana a mipingo yosiyanasiyana, ena Asilamu, ena a makolo osunga miyambo, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwiratu kuti mathero amenewa adzafuna kukambirana mosamala.

Pali chinanso chokhudza ife a mbali ino ya malire. Mabuku osindikizidwa ku Malawi masiku ano amalemba ch pamene mabuku a sukulu a Chinyanja kuno ku Mozambiki amalemba c yekha. Mwana amene akungokhazikika pa kalembedwe akhoza kusokonezeka. Komabe pano tisamale: limeneli si vuto la Ntara, ndi nkhani ya kuyenerana kwa buku ndi kalasi yathu. Wounika wachilungamo amasiyanitsa cholakwa cha mlembi ndi chosayenerana ndi wowerenga.

Chomaliza ndi chigamulo, ndipo apa ambiri timathawa. Timandandalika zabwino zitatu ndi zoipa zitatu n'kusiyira pomwepo, ngati sikelo yopanda muvi. Kuyeza ndi kunena mbali yomwe yalemera. Changa n'chakuti mphamvu za Nthondo zimaposa zofooka zake, choncho mphunzitsi aliwerenge lonse, koma ana a kalasi 6 awawerengere mokweza zigawo zosankha za ubwana wa Nthondo, lonse adzakumane nalo akakula.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, chifukwa nanenso ndinkaziganiza: ndine yani ine kuti ndipezere zifukwa munthu wamkulu ngati Ntara, amene analembanso Mbiri ya Achewa? Tinaleredwa kuti wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Enanso amati mabuku athu ndi ochepa kale, tikawanyoza anthu adzathawira ku Chipwitikizi ndi Chingerezi. Nkhawayi ndi yomveka, koma ndikuona kuti imatipweteka. Pabwalo la milandu nduna zimafunsa mafunso ovuta popanda kuchotsera mfumu ulemu, chifukwa zimanena ndi umboni ndiponso ndi mawu oyenera. Tikamayamikira buku lililonse mofanana, kholo likagula limodzi losathandiza silidzakhulupiriranso mawu athu, ndipo olemba atsopano sadzadziwa pofunika kukonza.

Ngakhale ana aang'ono amatha kuyamba. Ndikamaliza kuwawerengera nthano, sindifunsanso kuti "chinachitika n'chiyani" pokha. Ndimafunsa kuti ndi pati pamene anafuna kuti ndipitirize, ndi pati pamene anatopa, ndipo andisonyeze malowo. Makolo, inunso yesani funso limeneli madzulo ano mwana akakuuzani kuti wamaliza buku. Akayankha kuti linali labwino, mufunseni kuti, "Pati?"