Musatinamize kuti foni imadziwa pamene phukusi lili

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani imene munalemba posachedwapa yolangiza anthu amene amalandira katundu kuchokera kunja. Mlembi wanu anati munthu ukakhala ndi nambala ya phukusi, ungoilemba pa foni ndipo udziwa pamene katundu wako ali. Anasiyira pomwepo. Malangizo otheka chonchi akuwonongetsa anthu ndalama kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, chifukwa munthu amakwera kabaza, kenako minibasi, kupita ku Lilongwe kukatenga chinthu chimene sichinafike pomwe angachilandire.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo anthu amene ana awo ali kunja amabwera nawo mafoni kwa ine kuti ndiwawerengere Chingerezi cha pa tsamba lotsatira katundu. Chimene mlembi wanu sananene, chomwe ndi mutu wa nkhani yonseyi, nʼchakuti tsamba limenelija silionetsa pamene phukusi lili lero. Limaonetsa malo omaliza pamene munthu wina analozetsa makina pa timizere takuda tomatidwa pa phukusipo. Mʼphukusimo mulibe kachipangizo kolengeza pamene lili. Ngati palibe amene walijambula ndi makina, tsamba limakhala duu, ngakhale katunduyo atadutsa maiko atatu. Nʼchimodzimodzi kaundula wa mʼkalasi: amakuuzani kuti mwana anayankha dzina lake mʼmawa, koma sakuuzani ngati adakali pa sukulu masana.

Tiyambe ndi nambala imene. Katundu wodzera ku positi ofesi kuchokera kunja amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 13, motsatira dongosolo la bungwe la mapositi a dziko lonse lapansi la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa mu 1874 ku Bern. Imaoneka chonchi: `RR123456785GB`. Zilembo ziwiri zomaliza ndi dziko limene katundu wachokera: `GB` ndi Britain, `ZA` ndi South Africa, `CN` ndi China, ndipo `MW` ndi kwathu kuno. Chilembo choyamba chimanena mtundu wa katumizidwe. `R` ndi rejisitala, yomwe wolandira amasainira. `C` ndi phukusi lalikulu. `E` ndi katundu wachangu wa `EMS`. Koma ikayamba ndi `U`, monga zimakhalira ndi tinthu tambiri totchipa togula pa intaneti, musavutike kutha bandulo mʼmawa ndi madzulo, chifukwa katundu wotere mapositi sakakamizidwa kumamujambula panjira. Nthawi zambiri tsamba limalankhula ali kwawo, akangotuluka basi zii.

Tsopano ndikuuzeni za mayi wina wa kufupi ndi Malomo, ku Ntchisi, amene mwana wake wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain. Mwanayo anatumiza foni, magalasi a maso ndi juzi, nʼkutumiza nambala pa uthenga. Mdzukulu wa mayiyu ndiye ankayangʼana tsamba.

Mzere woyamba unali `Posting/Collection`, kutanthauza kuti positi ya kumeneko yalandira phukusi mʼmanja. Apa panalibe vuto. Ndingochenjeza kuti masamba ena amayamba ndi mawu onga `Information received` kapena `Label created`, ndipo awa ndi ena. Amangonena kuti wotumiza walemba za katunduyo pa kompyuta, pamene katundu weniweniyo akhoza kukhala adakali pa tebulo mʼnyumba mwake. Mawu amenewa akakhala sabata yathunthu osasintha, funsani wotumiza, musafunse a positi.

Patapita masiku ochepa panabwera `Departure from outward office of exchange`. Mdzukulu uja anauza agogo ake kuti ndege yanyamuka, mawa katundu afika. Si choncho ayi. Dziko lililonse lili ndi ofesi yaikulu imene makalata ndi maphukusi opita kunja amasonkhanitsidwa nʼkuikidwa mʼmatumba molingana ndi dziko limene akupita. Mzerewu umangonena kuti phukusi laikidwa mʼthumba lolembedwa Malawi ndipo thumbalo latsekedwa. Masamba ena amanena mosabisa kuti `Insert item into bag (Otb)`. Kuchokera pamenepo, chimene chimayenda ndi thumba, ndipo phukusi lanu palibenso amene amalijambula palokha mpaka thumbalo litatsegulidwa kuno. Thumba limadikira malo mʼndege. Palibe ndege yonyamula anthu yochokera ku Britain molunjika kudzatera ku Lumbadzi kapena ku Chileka; njira zimadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo pa malo osinthirapo thumba likhoza kugona. Ndiye pakati pa mzere umenewu ndi wotsatira ndi pamene pamakhala chete wautali kuposa paliponse. Anthu ambiri amataya mtima pamenepa nʼkuyamba kunena kuti katundu wabedwa, pamene ali mʼthumba lomata bwinobwino.

Chete uja atatha, panatuluka `Arrival at inward office of exchange`. Mzere umenewu ndi umene unawayendetsa mayi aja ulendo wachabe. Mnyamata wina wa pa malo ochajira mafoni anaona mawu oti `Arrival`, nʼkuwauza kuti gogo, katundu wanu wafika, pitani mukatenge. Iwo anagulitsa soya amene ankasungira zina, nʼkudzera ku Mponela kupita ku Lilongwe, kumene anabwerako chimanjamanja. Sindikuwanena a kumeneko. Anawauza zoona, kuti katunduyo sanafike pa siteji yoti aperekedwe. Mzerewu umatanthauza kuti thumba latsegulidwa pa ofesi yaikulu yolandirira katundu wakunja mʼdziko muno ndipo phukusi lajambulidwa koyamba ndi manja a Amalawi. Lafika mʼMalawi, inde, koma silinafike kwa inu. Patsogolo pake padakali a kasitomu, kenako galimoto yopita nalo ku positi ofesi ya kwanu.

Za kasitomuzi ndi zimene ndinayembekezera kuti nyuzipepala yanu ifotokoza, chifukwa mizere yake itatu imafanana pamaso koma imafuna zosiyana kwa wolandira. `Item presented to import customs` ndi zachizolowezi: phukusi laperekedwa kwa a msonkho, omwe kuno ndi a Malawi Revenue Authority, kuti aone kapepala kamene wotumiza analembapo zomwe zili mʼkati ndi mtengo wake. Kapepalako kamatchedwa `CN 22` pa tinthu tingʼonotingʼono, kapena `CN 23` pa katundu wamkulu kapena wodula. Apa palibe chochita, ingodikirani. Koma `Held by customs` ndiwo mzere wofunika kudzuka nawo. Katundu waimitsidwa, mwina chifukwa pakufunika msonkho, mwina kapepala kaja kanalembedwa mosamveka, monga kungoti mphatso osanena kuti mphatsoyo ndi chiyani, mwinanso akufuna lisiti losonyeza mtengo. Mukaona umenewu, pemphani wotumiza akujambulireni lisiti ndi kapepala kaja, ndipo funsani ku positi ofesi yanu zimene zikufunika musanakwere galimoto. Katundu wotere kawirikawiri sasuntha mpaka wolandira atachitapo kanthu.

Wachitatu ndi umene unawaliza mayi aja. Atabwerera kumudzi, tsamba linalemba `Item returned from customs`. Mdzukulu anaona mawu oti `returned` nʼkunena kuti a kasitomu amukana katundu, akumubweza ku Britain. Usiku womwewo anamuimbira mwana uja, nayenso nʼkuyamba kulira kumeneko. Chonsecho uwu ndi uthenga wabwino koposa pa tsamba lonselo! A kasitomu amaliza zawo ndipo abweza phukusi mʼmanja mwa a positi kuti lipitirize ulendo wobwera kwanu. Kubwezedwa kwa mwini wake kumalembedwa ndi mawu ena, `Return to sender`, ndipo mawu oti `sender` ndi amene muyenera kuwaopa. Dziwaninso kuti kutuluka ku kasitomu sikutanthauza kuti palibe cholipira. Msonkho ukhoza kukhala utawerengedwa kale, nʼkumakudikirani pa kauntala.

Mzere wokwerera kabaza ndi umene umatchula positi ofesi yolembedwa pa keyala yanu. Umabwera ngati `Arrival at delivery office` kapena `Available for collection`. Yangʼanani dzina la malo pambali pa mzerewo. Ngati palembedwa Lilongwe pamene keyala yanu ndi ya ku Ntchisi, ku Madisi kapena ku Mponela, khalani pansi. Phukusi la mayi aja linawapeza ku positi ofesi ya kwawo konko, komwe anakalitenga ndi chiphaso chawo cha unzika ndi nambala ija yolembedwa pa kapepala. Ulendo wa ku Lilongwe uja sunafupikitse kudikira kwawo ndi tsiku limodzi lomwe.

Pali mzere wina umene umakwiyitsa anthu a kuno, ndipo ndikuwamvetsa: `Unsuccessful delivery attempt`. Munthu amati, ndani anabwera pakhomo panga, ine tsiku lonse ndinali pompano ndikusenda mtedza? Mawuwa analembedwera maiko amene wa positi amagogoda pachitseko cha nyumba yokhala ndi nambala. Kuno ku mapiri, kumene keyala ya mudzi wonse ndi bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, palibe amene angakwere mtunda kudzakufunani. Mukaona mzerewu, utengeni kuti katundu ali pafupi ndipo akudikira inu, komanso kuti masiku omusungira ayamba kuwerengedwa. Pitani, ndipo funsaninso kwa ahedi kapena kwa abusa ngati mʼbokosi munabwera kapepala kokuitanani. Chimodzimodzi `Delivered` pa keyala yobwereka: akhoza kukhala kuti wasainira ndi kalaliki wa sukulu. Musanatchule munthu wakuba, funsani kuti anasaina ndani ndipo tsiku liti.

Masamba ambiri amaika mzere watsopano pamwamba, ena pansi, choncho tsatirani madeti, osati malo a mzere. Ndipo ngati tsamba la dziko lotumiza laima pa thumba lija, lembani nambala yomweyo pa tsamba lina lotsatira katundu wa mapositi kapena funsani nayo ku positi ofesi ya kuno, chifukwa mbali imodzi ikhoza kudziwa zimene inzake sinaonetse. Katundu akasowadi, amene amakalemba dandaulo ndi wotumiza, ku positi kumene analipira, ali ndi lisiti lake mʼmanja. Wolandira atha nsapato pachabe akamazungulira maofesi a kuno yekha. Za abale athu a ku Joni amene amatumiza kudzera kwa matransipota sindikunenapo. Kumeneko kulibe tsamba, kuli foni ya dalaivala basi.

Akonzi, pepala lanu limafika kuno mochedwa koma limawerengedwa ndi anthu ambiri, mpaka lithe kungʼambika. Ngati munali ndi malo ouza anthu kuti ayangʼane pa foni, pezaninso malo osindikiza mizere imeneyi pamodzi ndi matanthauzo ake mʼChichewa, kuti aziidula nʼkuimata mʼmagolosale ndi mʼmalo ochajira mafoni. A mapositi nawonso aimate pa makauntala awo. Mayi wa ku Malomo uja soya wake anapita, ndipo palibe amene adzamubwezere.

Mphunzitsi wopuma,
Mponela, Dowa