Lipoti losonyeza zolipira zokha limabisa ngongole

Mu Novembala 2023 bungwe la IMF lidavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni yoti dziko la Malawi lizilandira pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Ambiri adamva ngati ndalama yonseyo yalowa kale m'thumba la boma. Koma pomwe pulogalamuyo idaduka mu Meyi 2025, zomwe zidafika zidali pafupifupi 35 miliyoni basi. Zotsalazo sizidabedwe ayi. Zidalonjezedwa, koma sizidatuluke.

Chisokonezo chomwechi chili m'malipoti a bajeti omwe aphungu, makhansala ndi atolankhani amawerenga. Ndalama ya boma imadutsa masitepe anayi isanafike m'manja mwa mwini wake, koma malipoti ambiri amaonetsa sitepe yomaliza yokha. Uku n'kuphimba anthu m'maso, ngakhale manambala ake atakhala oona.

Tiyerekeze kuti khonsolo ina yapatsidwa K100 miliyoni yomangira makalasi. Akuluakulu agwirizana zopatula K80 miliyoni kuti ikhale ya buloko imodzi, ndipo aitanitsa makontilakitala. Imeneyi ndiyo komitimenti: ndalama idakali m'buku, palibe walandira ngakhale tambala, koma yaikidwa kale chizindikiro ndipo siyeneranso kupita kwina.

Kontilakitala akapezeka n'kusainirana mgwirizano, nkhani yasintha. Tsopano pali obuligeshoni, udindo womwe lamulo likuuzindikira. Dzulo khonsolo ikadatha kusintha maganizo popanda wofunsa, koma lero ikathawa, kontilakitala ali ndi pepala lopita nalo ku khoti. M'maofesi ambiri a boma masitepe awiriwa amawaphatikiza, moti komitimenti imalembedwa pa tsiku lomwe oda yogulira katundu yatuluka. Choncho wowerenga ayenera kufunsa kuti lipoti lomwe wagwiralo likutanthauza chiti.

Ntchito yayamba. Makoma afika pa lintala, ndipo injiniya wasaina kuti ntchito ya K50 miliyoni yagwirika. Apa ndiye pali akuruwo: ntchito yachitika kapena katundu walandiridwa, ndiye kuti ndalama yake yadyedwa kale, kaya yalipiridwa kaya ayi. Zili ngati madzi a pampopi, omwe banja lamwa mwezi wonse bilu isanabwere.

Pomaliza pali disibesimenti, ndalama yomwe yatulukadi. Tinene kuti kontilakitala walandira K30 miliyoni yokha chifukwa ku Thirezhale ndalama zidabwera zoperewera.

Tsopano lipoti lafika pa msonkhano wa khonsolo: bajeti K100 miliyoni, zolipira K30 miliyoni, zotsala K70 miliyoni. Khansala wina akuimirira mokwiya kufunsa chifukwa chake ndalama zikungokhala pomwe anthu a m'dera lake alibe mjigo. Koma mwa K70 miliyoniyo, K20 miliyoni ndi ngongole ya ntchito yomwe yachitika kale, ndipo K30 miliyoni idzafunika kontilakitala akafolera ndi kumaliza. Yopanda mwini ndi K20 miliyoni yokha. Khonsolo ikamvera khansalayo n'kulamula mijigo ya K70 miliyoni, yagulitsa ndalama imodzi kwa anthu awiri.

Umu ndi momwe ngongole za boma kwa amalonda zimabadwira. Chaka cha boma chimatha pa 31 Malichi, ndipo ma invoisi osalipira amawolokera chaka chatsopano kukadya ndalama zomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti zigwire ntchito zina. Boma lidafikapo popereka makalata olonjeza kudzalipira m'tsogolo kwa amalonda omwe lidawakongola, chifukwa ndalama yeniyeni padalibe. Zizindikiro zake sizisowa: buloko yaima pa lintala udzu n'kumera m'kati, kontilakitala wachotsa anyamata ake, ndipo ogulitsa katundu ayamba kukweza mitengo podziwa kuti malipiro adzachedwa.

Ena amati kuwerengera ndalama zotuluka zokha n'kosavuta ndiponso n'kovuta kunamiza, chifukwa banki imachitira umboni. N'zoona. Koma njira yomweyo imapatsa mkulu wa ofesi mpata woonetsa ngati wasamala ndalama pongosunga ma invoisi m'dirowa mpaka Epulo. Makina a IFMIS amayenera kukana oda yopanda ndalama kumbuyo kwake, koma oda yoperekedwa pafoni kapena pa kalata wamba makinawo saiona.

Aphungu a komiti yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma, makhansala ndi atolankhani aleke kulandira lipoti la mzere umodzi. Pa ntchito iliyonse afunse zinthu zinayi: zopatulidwa ndi zingati, zosainidwa ndi zingati, ntchito yomwe yagwirika ndi ya ndalama zingati, ndipo zolipira ndi zingati. Ofesi yomwe ikulephera kuyankha mafunso amenewa ibwezeredwe lipoti lake ikalembenso.