Ndalama za Mtchona Ziyambe Zaona Dzinja

Mlamu wanga anagwira ntchito yomanga nyumba ku Joni zaka 11. Tsiku limene anatsika basi pa boma la Chadiza, mudzi wonse unali utagawa kale ndalama zake m'maganizo. Amalume ake ankafuna malata, alongo ake ankafuna ndalama za sukulu za ana, ndipo anzake a ubwana ankamuuza kuti munthu wochokera kunja sagwira khasu. Iye mwini anali ndi loto limodzi: kugula chigayo cha dizilo. Ndikulemba nkhani yakeyi chifukwa ambiri mwa inu muli ndi abale ku Joni, ku Harare kapena ku Tete, ndipo tsiku lina adzakufunsani nzeru. Maganizo anga ndi akuti mtchona asagule chinthu chachikulu asanaone dzinja limodzi lathunthu kwawo, ndipo akayamba kugula, ayambe ndi zimene zimalimbitsa munda.

Ndalama za mtchona n'zosiyana ndi za mlimi. Mlimi akalakwitsa chaka chino, mvula ya chaka chamawa imamupatsanso mwayi. Ndalama za mtchona zimabwera kamodzi kokha, ndipo mwini wake amakhala akudziwa mudzi wa zaka khumi zapitazo, osati wa lero. Mlamu wanga ankakumbukira amayi akusenza chimanga mtunda wautali kupita kuchigayo, koma sankadziwa kuti zigayo ziwiri zinatsegulidwa kale pafupi.

Madzulo ena ndinamupempha kuti, “Alamu, musanapite ku Chipata kukafunsa mitengo, tiyeni tiwerenge mabanja amene angadzagayitse kwa inu.” M'midzi yozungulira tinapeza mabanja pafupifupi 60. Banja lililonse likamagayitsa mathini awiri pa sabata, amenewo ndi mathini 120. Tikagawira zigayo zitatu, aliyense apeza mathini 40 pa sabata, kutanthauza osafika 7 patsiku. Pa mathini ochepa amenewo ndi pamene pachokere dizilo, mafuta a injini, malipiro a mnyamata wogayitsa, sefa ikang'ambika, lamba akaduka ndi nyundo zikatha. Pamwamba pa izo, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo abale ambiri amabwera ndi mawu akuti adzalipira akakolola. Ndani angabweze azakhali ake ndi chimanga pamutu?

Chigayo chimadya mwa mlimi. Mlimi akakolola, chimalira. Akapanda kukolola, chimakhala chete. Tinaziona m'chilala cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chogayitsa chinachepa, ndipo zigayo za magetsi zinavutikanso ndi kuzimazima kwa magetsi chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba. Sindikunena kuti chigayo n'choipa. Kumene kulibe china, chingathe kudyetsa mwini wake, koma chiweruzo chichokere pa kuwerenga mabanja.

Mlamu wanga anaika ndalama zake kubanki ndi kuzigawa m'magawo 10. Gawo limodzi analipereka kwa abale tsiku limodzi, pamaso pa amalume ake, nanena poyera kuti thumba la mphatso lathera pomwepo. Ena anadandaula, koma kudandaula kwa tsiku limodzi n'kopepuka poyerekeza ndi kupempha kwa chaka chonse. Magawo atatu anagulira ng'ombe ziwiri zolimira, pulawo ndi ngolo. Magawo awiri anawasungira mbewu ndi feteleza wa nyengo ziwiri. Gawo limodzi linakonza denga la nyumba yakale ndi kumanga khola. Magawo atatu otsala anawasiya kubanki osawakhudza.

Asanakhome mtengo ngakhale umodzi, anayamba walongosola za malo. Malo a kumudzi ali m'manja mwa mafumu, ndipo mwa mwambo wathu Achewa, munda umatsata mbumba. Mwamuna amene wawononga chuma chake pa malo a kuchikamwini popanda mgwirizano angathe kuchoka chimanjamanja banja likasokonekera kapena mkazi akamwalira. Iye anaitana anyakwawa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anayenda nawo m'malire a munda, ndipo zimene anagwirizana zinalembedwa.

Munda wake ndi wa malima 8, ndiko kuti mahekitala awiri, popeza lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Malima anayi anabzala chimanga, awiri soya, ndi awiri nshawa. Pa mlingo umene alangizi amaphunzitsa, lima imodzi ya chimanga imafuna mbewu yolemera makilogalamu 5, thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa. Choncho chimanga chake chinafuna makilogalamu 20 a mbewu ndi matumba 8 a feteleza. Akanabzala chimanga munda wonse, matumba akanakhala 16. Soya ndi nshawa sizifuna feteleza wobereketsa, zimasiya chonde m'nthaka, ndipo chaka chotsatira chimanga chimalowa m'malo mwake.

Ubwino wa ng'ombe ndi nthawi. Ng'ombe ziwiri zophunzitsidwa bwino zimalima pafupifupi lima imodzi patsiku, ndipo mwini wake amabzala ndi mvula yoyamba yokwanira, pamene wobwereka amadikira mpaka eni ake atamaliza. Dzinja likatha, ngolo imanyamula njerwa, manyowa ndi zokolola za anthu ena, n'kumabweretsa kangachepe miyezi yonse.

Wina anganene kuti, “Ng'ombe zimafa ndipo zimabedwa, pamene chigayo sichidwala.” Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo mlamu wanga anachilawa. Mwezi wa Febuluwale ng'ombe imodzi inasiya kudya, inatupa mwanabele kunsi kwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, inatentha thupi ndipo inayamba kupuma movutika. Amenewa ndi matenda obwera ndi nkhupakupa amene amapha ng'ombe zambiri kuno kummawa, makamaka zazing'ono ndi zochokera kwina. Iye anali atadumphitsa masabata atatu osapopera mankhwala, pamene m'dzinja ziweto zimafunika kupopera kapena kusambitsa kudibu sabata iliyonse. Anaitana dotolo wa ziweto mochedwa, ndipo ng'ombeyo inafa. Chimene chinamupulumutsa ndi magawo atatu aja a kubanki. Anagula ng'ombe ina kufupi, eni ake akudziwika, ndi zikalata zonse za dotolo wa ziweto, chifukwa m'dera la m'malire ngati lathu, ng'ombe yotsika mtengo yopanda kalata ingakugonetse m'chitokosi. Akanathira zonse m'chigayo, injini itafa sakanakhala ndi kolowera.

Lero akalimabe malima ake 8, ndipo za chigayo sanaiwale. Akuti adzawerenganso mabanja akadzakolola kachitatu, ndipo akadzachigula, adzachigula ndi ndalama za soya, osati za ku Joni.

Inu amene munaphunzira pano muli ndi chimene mtchona alibe: mukudziwa mtengo wa thumba la feteleza lero, mwezi umene nkhupakupa zimachuluka, ndi mudzi umene uli kale ndi chigayo. M'bale wanu akadzatsika basi, musathamangire chikwama chake. Mutengereni kumunda, mumupatse kope ndi pensulo, ndipo muwerengere naye limodzi asanatulutse kwacha yoyamba.