Seva Yanuyo, Achimwene, Adzaidzutsa Ndani?

Ndatopa ndi anyamata a makompyuta amene amati apu yosakhala pa seva yakoyako ndi chidole. Ine ndikuti apu yaing'ono iyambire pa Firebase, ndipo wotsutsa akatsutsire mu msika wa Lilongwe, osati mu ofesi yozizira ku City Centre.

Tiyerekeze kuti amayi 30 ogulitsa tomato ndi anyezi ali ndi banki m'khonde, ndipo akufuna kusiya kope lomwe limanyowa dzinja lililonse. Mayi aliyense akalemba kakhumi patsiku, ndiye kuti alemba ka 300. Firestore, nkhokwe ya Firebase, imalola kulemba ka 20,000 ndi kuwerenga ka 50,000 patsiku osalipira kanthu, ndipo pa Spark safunsa khadi ya kubanki. Seva yobwereka kunja imafuna madola mwezi ndi mwezi, ngakhale akhale asanu okha. Paja mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Madolawo muziwapeza kuti? Yoika kunyumba ku Area 47 nayo, magetsi akathima, buku la amayi lathima nawo.

Koma chachikulu ndi netiweki. Ikathawa, kapena bandulo ikatha masana, apu ya Android yokhala pa Firestore imasunga zolembazo m'foni n'kudzazitumiza yokha intaneti ikabwera. Pa seva yanu, ntchito imeneyi mudzailemba nokha, ndipo ndi pomwe ndalama za anthu zimasowera.

Musandiyese mneneri wa Google ayi. Misampha ilipo. Msungichuma ndi mlembi akasintha ndalama yotsala ya Nachisale, onse opanda netiweki, zimene zafika pomalizira zimafufuta zinzake mwakachetechete. Mudzazindikira Loweruka, ndalama za m'mbale zikakana kufanana ndi za m'foni. Mankhwala ake ndi a kope lakale lija: chopereka chilichonse chikhale mzere wakewake, osafufuta, yotsala iziwonkhetsedwa.

Kuwerenga nako kumadya. Apu ikamakoka mizere yonse 300 nthawi iliyonse, amayi 30 n'kutsegula kasanu, mukhoza kufika 45,000 dzuwa lisanalowe. Mukadutsa malire, Spark imatseka mpaka mawa lake. Ikani `orderBy("nthawi", Query.Direction.DESCENDING).limit(20)`, basi. Mayi akufuna kuona amene wapereka lero, osati mbiri ya mtundu wonse.

Tsiku limene amayiwo adzafune kuti Airtel Money kapena Mpamba izidziwitsa apu kuti ndalama yalowa, pamenepo ndiye padzafunika pofikira uthengawo. Cloud Functions imafuna Blaze, ndipo Blaze imafuna khadi yolipira kunja. Tsikulo bwerani ndi seva yanu tikambirane, koma mubwerenso ndi dzina la amene azidzaidzutsa ikagwa 5 koloko m'mawa, tomato akutsika m'galimoto, inu mutapeza ntchito ku Joni.