ZA M'MIMBA MOSAKHAZIKIKA, NDI KABUKU KA ZAKUDYA

Mwezi uno tinena za nthenda ina ya m'mimba imene siipha munthu, koma imsautsa zaka zambiri. Mwini wake amva kupotokola, mimba itupa ngati ng'oma, mpweya uchuluka. Tsiku lina atsegula m'mimba, tsiku lina adzimbidwa, ndipo kawirikawiri ululu uchepa akapita kuchimbudzi. Madokotala aiganizira nthendayi pamene zowawazo zibwera tsiku limodzi kapena kuposa pa mlungu, kwa miyezi 3, ndipo m'kabuku ka kuchipatala ailemba ndi malemba atatu, IBS.

Koma munthu asadziweruze yekha. Kuno kwathu njoka za m'mimba, likodzo la m'matumbo ndi tizilombo ta m'madzi oipa zibweretsa zowawa zonga zomwezi. Chifukwa chake yambani mwakapimitsa chimbudzi ndi magazi ku chipatala cha boma ku Mulanje, kapena ku Mulanje Mishoni. Ndipo woona magazi m'chimbudzi, woonda popanda chifukwa, wotentha thupi, wodzuka usiku ndi kutsegula m'mimba, kapena amene zamuyamba atapitirira zaka 50, asataye nthawi ndi kabuku: apite msanga.

Tsono akapima napeza kuti mulibe kanthu kena, ntchito itsala kwa inu. Pakuti m'zakudya zina, monga nandolo, nyemba, anyezi, adyo, mango, buledi ndi mkaka, muli mitundu ya shuga imene matumbo aang'ono saimwa bwino. Itsikira m'matumbo aakulu, nisasa m'menemo monga usasira mowa m'mbiya, nitulutsa mpweya. Izi zichitika mwa anthu onse, koma wa nthendayi matumbo ake amva kuwawa msanga. Ndipo chimene chivuta uyu sichivuta uyo.

Tengani kope la sukulu, mugawe tsamba patatu: nthawi, chimene mwadya ndi kuchuluka kwake, ndi chimene mwamva. Musalembe "nsima ndi ndiwo" chabe. Lembani zonse zinalowa mu mphika, mafuta, tsabola, anyezi, ngakhale makapu a tiyi, pakuti tiyi wokhathamira afulumiza matumbo a anthu ena. Lembaninso ngati simunagone bwino, ngati munali ndi nkhawa, ndipo amayi alembe masiku a kumwezi, chifukwa izinso zidzutsa nthendayi popanda chakudya kulakwa. Wosadziwa kulemba amuuze mwana wa sukulu madzulo. Chitani chotero milungu 2, musanasiye kanthu kali konse.

Tiyerekeze mayi wothyola tiyi amene anena kuti mdani wake ndi nandolo. Poona m'kabuku apeza kuti anadya nandolo kasanu, koma anadwala katatu kokha. Ndipo anadwalanso tsiku lina limene anadya usipa. Nanga nandolo alakwa bwanji pa tsiku la usipa? Poyang'anitsitsa aona kuti masiku anayi onsewo ndiwo zinali zokazingira anyezi wambiri, ndipo masiku awiri aja a mtendere nandolo anali wa makata, wophika ndi mchere wokha. Apezanso kuti ululu sunadze pa mphasa pomwepo, koma patapita maora angapo, nthawi zina m'mawa mwake. Apa mpamene ambiri asokera: aneneza phala la m'mawa, pamene wopalamula ndi ndiwo za dzulo.

Kabuku kangoloza chala, sikaweruza mlandu. Mayiyo asiye anyezi yekha milungu 2, zina zonse adye monga kale; pakuti akasiya zinthu zitatu pamodzi nachira, sadzadziwa chimene chinamuvuta. Mimba ikakhazikika, abwezerenso anyezi pang'onopang'ono: tsiku loyamba kachidutswa, lachiwiri kowirikiza, lachitatu monga athira masiku onse. Zowawa zikabwera alekeze pomwepo, apume masiku 3, ndipo pamenepo adziwa muyeso wake. Zikapanda kusintha konse m'milungu ija, anyezi alibe mlandu; ambwezere mu mphika, ayese china.

Tinenetsa za muyeso chifukwa taona anthu asiya nandolo, nyemba, khobwe ndi mkaka zonse, natsala ndi nsima ya masamba okha, nafooka. Kumeneko nkudzilanga chabe, makamaka kuno kumene nandolo ndiye nyama ya ambiri. Kawirikawiri chipande chimodzi chipita bwino pamene ziwiri zivuta. Ndipo nandolo wouma mukamviika usiku wonse, nkutaya madziwo musanaphike, shuga wina uja achoka nawo. Wokonda fungo la anyezi adule zidutswa zazikulu, azikazinge m'mafuta okha, azichotse asanathire tomato kapena madzi. Pakuti chovutacho chisungunuka m'madzi, koma m'mafuta ai.

Kabukuko mukapite nako pokaonana ndi adokotala, ndipo chakudya chimene chakukanani chaka chino mudzachiyesenso patapita miyezi ingapo, chifukwa matumbo amasintha.