Yankho kwa onena kuti munthu wachialubino sakalamba

Pali mawu amene amamveka m'minibasi, pamaliro ngakhalenso pamabenchi a kuchipatala, akuti munthu wachialubino sakalamba. Amati akangokwanitsa zaka 30 kapena 40 thupi lake limayamba zilonda lokha chifukwa magazi ake ndi ofooka, ndipo palibe chimene munthu angachitepo poti ndi mmene anabadwira. Ambiri onena zimenezi sanena mwachipongwe, amanena mwachisoni, ena mwa iwo ndi makolo ndi abale a anthu achialubino omwewo. Komabe mawuwa ndi abodza, ndipo ndi bodza lopha anthu, chifukwa mayi amene wakhulupirira kuti zilonda ndi chibadwa cha mwana wake saona chifukwa chomusokera chipewa, ndipo bambo amene wauzidwa kuti masiku ake ndi owerengeka sangawononge ndalama ya basi kupita ku chipatala chifukwa cha kachilonda ka pakhutu.

Chialubino ndi kuchepa kapena kusowa kwa melanini, utoto wachilengedwe umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi mbewu yake m'thupi, ngakhale iwowo atakhala akuda bii, ndipo pa mimba iliyonse ya banja lotero mwayi woti mwana abadwe wachialubino ndi umodzi pa inayi. Mtundu wa chialubino wofala kuno ku Afirika umakhudza khungu, tsitsi ndi maso basi. Mtima, chiwindi, impso, ubongo ndi magazi zimagwira ntchito ngati za wina aliyense. Ilipo mitundu ina yosowa kwambiri imene imabwera ndi vuto la kutaya magazi kapena la mapapo, koma si imene tikuiona m'midzi mwathu muno. Woimba wa ku Mali, Salif Keita, anabadwa m'chaka cha 1949 ndipo wakalamba akuimba. M'maiko amene dzuwa ndi lofooka komanso zipatala za khungu zili pafupi, anthu achialubino amafika ukalamba monga anzawo.

Wina ayankha kuti maliro tawaona ndi maso athu, ndipo agogo achialubino ndi osowa m'mudzi. Izi sitikana. Dokotala wa ku Nigeria, Okoro, atafufuza anthu achialubino 1,000 ndi kufalitsa zotsatira zake mu 1975, anapeza kuti opitirira zaka 30 anali ochepa zedi. Koma chimene chinkawatha anachitchula: khungu lowonongeka ndi dzuwa lomwe limasanduka khansa. Melanini ndi amene amameza cheza chosaoneka cha dzuwa chisanalowe mkati mwa khungu. Pamene palibe melanini, chezacho chimafika pa timaselo ta khungu ndi kuwononga malangizo amene timatsatira pochulukana, ndipo kuwonongekako kumaunjikana chaka ndi chaka kuyambira tsiku limene khanda lagonekedwa pabwalo. Umboni wake uli pa thupi lomwelo. Onani pamene zilonda zimatuluka: pamwamba pa makutu, pamphumi, pamphuno, pa mlomo wam'munsi, kumbuyo kwa khosi, pamikono ndi kuseri kwa manja. Pamimba ndi pantchafu, pamene chovala chimaphimba tsiku lililonse, khungu limakhala losalala ngakhale kwa munthu wa zaka 50. Magazi akanakhala ndiwo gwero, zilonda zikanatuluka paliponse pamene magaziwo amayenda.

Khansa imeneyi sibwera mwadzidzidzi, ndipo apa ndi pamene mawu oti palibe chochita amagwera pansi. Tiyerekeze mnyamata wachialubino amene amalima ganyu kuchigwa cha Shire. Ali wamng'ono khungu limafiira, kutuluka matuza ndi kusupuka nthawi iliyonse akachedwa kudambo. Akamafika zaka 15 kapena 20, kumbuyo kwa khosi kumakhala kutakhuthala ndi kukwinyika, ndipo pa khutu pamatuluka kachigamba kokhakhala, kouma, kamene chala chimakamva maso asanakaone bwino. Kachigambaka si khansa ayi, ndi chenjezo lake. Ku kiliniki ya khungu amakaumitsa ndi naitirojeni wamadzi wozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa chabe, kenako pamachita thuza, nkhanambo imagwa ndipo khungu limapola pakatha masabata awiri kapena atatu. Tizigamba totere sitisanduka khansa tonse, koma palibe angadziwe kamene kasanduke. Kakasiyidwa, kangathe kukhala kachotupa kolimba kapena chilonda cha m'mphepete motukuka, chotuluka magazi chikangokhudzidwa, chopanga nkhanambo ndi kutsegukanso. Ngakhale pamenepa dokotala angachidule chonse ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, munthu ndi kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Koma chikatha chaka kapena ziwiri chikupakidwa mankhwala a zitsamba ndi kumangidwa nsanza, chimadya khutu lonse, kulowa m'fupa ndi kutupitsa mwanabere wa m'khosi. Pamenepo m'pamene anthu amapukusa mitu kuti nthawi yake yakwana, osawerenga zaka zonse zimene chilondacho chinali chochizika. Lamulo loyenera kulidziwa banja lililonse ndi lakuti chilonda cha pamalo owomba dzuwa chimene chatha mwezi osapola chionedwe ndi dokotala, kaya chikupweteka kaya ayi, pakuti khansa ya pakhungu nthawi zambiri siwawa ikamayamba.

Chotsutsa china chimene chimamveka ndi chakuti alipo amene amadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa koma khansa imawagwirabe, choncho mafutawo ndi opanda ntchito. Funso limeneli ndi lomveka ndipo yankho lake lili mu muyeso. Chiwerengero cholembedwa pa botolo, monga SPF 50, chimakwaniritsidwa pokhapokha mafuta apakidwa mokwanira. Munthu wamkulu amafunika sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, pafupifupi mamililita 5, pa nkhope, makutu ndi khosi, ndi sipuni inanso pa mkono uliwonse. Apake patatsala mphindi 20 kuti atuluke, ndipo abwereze pakatha maola awiri aliwonse kapena akatuluka thukuta kwambiri. Tiwerengere pamodzi. Wovala malaya a manja aafupi amafunika mamililita 15 pa kudzola kumodzi, ndipo akadzola katatu patsiku ndi mamililita 45, kutanthauza kuti botolo la mamililita 200 silitha masiku asanu. Munthu amene wapatsidwa botolo limodzi kuti limufikitse miyezi iwiri amachita chimene aliyense angachite, amapaka pang'ono kamodzi m'mawa, ndipo chitetezo chimene akupeza chimakhala chochepa kwambiri kuposa cholembedwacho. Yemweyo akavala malaya a manja aatali ndi thalauza kapena chitenje chofika m'mapazi, malo otsala ndi nkhope, makutu, khosi ndi kuseri kwa manja, pafupifupi mamililita 7, ndipo botolo lomwe lija limamufikitsa masiku pafupifupi 10. Choncho mafuta ndi otsekera mipata imene nsalu yasiya. Tionjezepo kuti mafuta odzola wamba, giliserini ndi mafuta ophikira amafewetsa khungu koma satchinga cheza ngakhale pang'ono, ndipo botolo losiyidwa pa zenera kapena padzuwa limatha mphamvu msanga.

Pa nkhani ya zovala, anthu a ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga ali ndi dandaulo loona: ndani angapirire malaya a manja aatali mu Okutobala? Koma chimene chimatchinga cheza si kulemera kwa nsalu, ndi kuthithikana kwa ulusi wake. Pogula pa kaunjika, kwezani chovalacho moyang'anitsa kuwala. Ngati kuwala kukudutsa mpaka kuona zala zanu kuseri, cheza nachonso chidutsa. Malaya a thonje otakasuka, a kolala, olowa mphepo, amazizira bwino kuposa sikipa yothina ndipo amateteza kwambiri. Nsalu yakuda kapena ya mtundu wowirira imatchinga kuposa yoyera yopyapyala, ndipo nsalu ikanyowa ndi thukuta chitetezo chake chimatsika. Kapusi imene ambiri amavala imasiya makutu ndi khosi pambalambanda, malo omwewo amene khansa imakonda. Chofunika ndi chipewa cha khonde lozungulira mutu wonse, lotambalala masentimita 7 kapena 8, ndipo ngati ndi cha mlaza chikhale cholukidwa mothina kapena chosokeredwa nsalu mkati. Telala wa pamsika angathe kusoka chipewa chotere ndi zidutswa za nsalu, chokhala ndi chingwe chomangira kuchibwano kuti chisagwe pogwira khasu.

Anthu ambiri amasokonezanso kutentha ndi cheza. Ku Dedza kapena ku Mzuzu kumazizira, koma malo okwera amalandira cheza chochuluka kuposa kuchigwa, chifukwa chimaonjezereka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Mitambo yopyapyala imalola cheza chambiri kudutsa, motero munthu amapsa ngakhale tsiku la mitambo mu Januwale ali kopalira. Maola oopsa ndi kuyambira 10 koloko m'mawa kufika 4 koloko madzulo, ndipo wopanda wotchi ayang'ane chithunzithunzi chake pansi: chikafupika kuposa msinkhu wake, ndi nthawi yofuna mthunzi. Mlimi wolawirira mbandakucha, kuweruka dzuwa lisanakwere ndi kubwereranso litapendeka, wadziteteza kwambiri popanda kutaya tambala.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi umphawi, ndipo sitingachipeputse. Waganyu sasankha ola logwira ntchito, ndipo wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu sangasiye malonda masana. Koma taonani mmene ambiri amafikira pa ntchito zimenezi. Mwana wachialubino saona bwino patali. Akakhazikidwa kumbuyo m'kalasi salemba za pabolodi, amalephera mayeso, amasiya sukulu, ndipo ntchito zomutsalira ndi za padzuwa zokhazokha. Mphunzitsi womukhazika kutsogolo, kulemba zilembo zikuluzikulu, kumulola kuvala chipewa ndi yunifolomu ya manja aatali, ndi kumuchotsa pa mzere wa padzuwa, akuletsa khansa imene ikanadza zaka 20 kutsogolo. Umphawi ukutiuza amene ayenera kulipira chitetezo, sukutsimikiza kuti imfayo ndi yachibadwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Bungwe lawo la APAM lakhala likupempha kuti mafuta azipezeka m'zipatala zazing'ono za kumudzi, bungwe la Standing Voice limayendetsa makiliniki a khungu m'maboma ena, ndipo ku Moshi m'dziko la Tanzania anaonetsa kale kuti mafutawa angapangidwe konkuno ku Afirika pamene anayamba kupanga otchedwa Kilisun. Mu 2025 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Chotsalira kwa Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo ndi kuwerengera mafuta molingana ndi muyeso weniweni wa munthu mmodzi pamwezi, kuwafikitsa pa chipatala chimene munthu angafike wapansi, ndi kuonetsetsa kuti aliyense wachialubino akuunikidwa khungu lonse, kuphatikizapo kuseri kwa makutu ndi milomo, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.