Khadi la kuchipatala likabwezedwa, tidzagwira mtengo wanji?

Mu mphakati mwathu muli amayi ena amene amuna awo anagwira ntchito pa kampani ina zaka 28. Zaka zonsezo banja lawo silinkadziwa mtengo wa mankhwala. Wina akadwala ankangotenga khadi la sikimu ya zachipatala, kupita ku chipatala cholipira, kusayina n'kubwerako ndi mankhwala. Tsiku lotsanzikana bambowo analandira mphatso ya wotchi, ndipo sabata yomweyo anauzidwa kuti abweze makhadi onse, lawo ndi la akazi awo. Ndalama za penshoni zitabwera anamalizitsa nyumba, nagula kagalimoto koti kazinyamula anthu. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, amene kale ankangolandira, tsopano anayamba kugula, ndipo mwezi ukavuta ankadumphitsa poti thupi silinkapweteka. Patatha chaka ndi miyezi iwiri anagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi itafa. Kagalimoto kaja kanagulitsidwa pamtengo wolira.

Sindikulemba izi kuti ndiwadzudzule, pakuti anachita zimene ambirife tikadachita. Ndikulemba chifukwa ndili ndi maganizo amene ena sawakonda: ndalama za penshoni zisanagawidwe kuti izi n'za malata, izi n'za bizinesi, gawo loyamba kuchotsedwa lizikhala la matenda a ukalamba, ndipo mkazi azikhala nawo pamene nkhaniyi ikukambidwa, chifukwa amene adzachapa zofunda ndi kugona pansi m'chipatala ndi iyeyo.

Ambirife timasokoneza sikimu ndi penshoni poti zonse zimadulidwa pa malipiro. Penshoni ili ngati nkhokwe. Malamulo a dziko lino amati wantchito aziponyamo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, womulemba ntchito aziponyamo zosachepera 10, ndipo ndalamazo zimaunjikana m'dzina la wantchitoyo. Sikimu ya zachipatala ili ngati nyumba ya lendi. Mwezi umene mwalipira ndi umene mwafundidwa, ndipo ngakhale mutalipira zaka makumi atatu osadwalapo, palibe chimene mwasunga. Wolemba ntchito akasiya kulipira, chitseko chatsekedwa. Chowawa n'chakuti chimatsekedwa munthu ali ndi zaka za m'ma 60, nthawi imene kuthamanga kwa magazi, shuga, ng'ala ndi mavuto a mkodzo kwa abambo zimayamba kugogoda. Mkazi amene analembedwa pa khadi la mwamuna wake amatayanso mwayiwu mwamunayo akapuma, akachotsedwa ntchito kapena akamwalira.

Ena anena kuti ku chipatala cha boma thandizo ndi laulere. N'zoona, ndipo tiyenera kuyamikira. Koma ulendo wokafika kumeneko si waulere, chakudya cha wodikirira odwala si chaulere, ndipo tsiku limene mankhwala palibe mumauzidwa kuti mukagule ku famase. Zipatala zathu za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ndipo mgwirizano umene zambiri zili nawo ndi boma woti anthu azithandizidwa osalipira umakhudza kwambiri amayi oyembekezera ndi ana. Agogo a shuga amayenera kupisa m'thumba. Mtukula Pakhomo naye amapita ku mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, choncho wolandira penshoni asawerengere kumeneko.

Ena anena kuti tinabereka, ana adzatisamala. Ambiri amafunadi kutero. Koma mwana amene ali mu lendi ku Lilongwe, akulipirira ana ake sukulu, akamva kuti pakufunika ndalama usiku womwewo amathamangira katapila. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo kukonzekera matenda si kuwalosera, monga momwe kufolera nyumba mu Okutobala si kuitana mphepo.

Ntchito yeniyeni iyambe kutatsala zaka ziwiri kuti munthu apume, khadi likugwirabe ntchito. Bambo ndi mayi apite limodzi kwa oyendetsa sikimu yawo, kaya ndi MASM kaya ina, akafunse mafunso atatu ndipo mayankho ake alembedwe. Kodi tingapitirize kukhala mamembala patokha tikapuma, ndipo tizilipira zingati pamwezi? Kodi tikadukiza miyezi ingapo tidzatengedwa ngati atsopano? Kodi pali zaka zimene munthu akapitirira simumulandiranso? Mafunsowa ndi ofunika chifukwa masikimu ambiri amadikiritsa membala watsopano asanayambe kumulipirira zinthu zina, makamaka matenda amene anali nawo kale. Amene wapitiriza osadukiza nthawi zambiri amakhala pabwino kuposa amene wasiya n'kudzabwerera atadwala. Ngati mtengo wake ukudya gawo lalikulu la penshoni ya pamwezi, funsani za gulu lotsikirapo. Ngati nalonso simungalikwanitse, ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kudzadzidzimukira pa windo la chipatala.

M'zaka ziwiri zomwezo khadi ligwire ntchito yake yomaliza. Nonse awiri pimitsani kuthamanga kwa magazi, shuga, impso, maso ndi mano, amayi apimitsenso khomo la chiberekero ndi mabere. Ngati pali ng'ala yofunika opaleshoni kapena magalasi ofunika kusintha, zichitike tsopano. Kenaka pemphani dokotala alembe m'buku lanu la kuchipatala matenda onse ndi mankhwala amene mukumwa, ndipo mumufunse ngati angakuikeni pa mankhwala amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma, monga amulodipini wa kuthamanga kwa magazi kapena metifomini wa shuga, ngati ali oyenera thupi lanu. Mukalembetse ku kiliniki ya matenda amenewa pa chipatala chimene chili pafupi ndi kumene mukakhale mukapuma. Kusintha mankhwala kuchitike pamaso pa dokotala, osati pa kauntala ya famase chifukwa choti ndalama zachepa.

Tsopano tiwerengere. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya kwanu. Tinene kuti ulendo wa anthu awiri wopita ku kiliniki kamodzi pamwezi ukudya K15,000, ndipo mankhwala ogula pamene kuchipatala kulibe akudya K25,000. Pamwezi ndi K40,000, pachaka K480,000. Umenewu ndi mtengo wa matenda amene akusamalidwa bwino. Tiyerekeze tsopano kuti munthu yemweyo wafa ziwalo ndipo sakudzuka. Matewera a akuluakulu K60,000, sopo ndi magolovesi K15,000, munthu wothandiza masana K60,000. Mwezi wafika pa K175,000, chaka K2,100,000, tisanawerengere njinga ya olumala kapena galimoto yahayala.

Lamulo la penshoni la 2023 limalola wopuma ntchito kutenga mpaka theka la ndalama zake nthawi imodzi, zotsalazo n'kumalandira mwezi ndi mwezi. Tinene kuti banja lalandira K12 miliyoni, ndipo lapatula gawo limodzi mwa magawo anayi, K3 miliyoni, kukhala thumba la matenda. Mitengo itapanda kusintha, ndalamazi zingasamale munthu wa kuthamanga kwa magazi zaka zisanu ndi chimodzi, koma wogona pamphasa zingamusamale miyezi 17 yokha. Apa pali phunziro limene ndikufuna tilitenge: ntchito yaikulu ya thumbali si kulipira tsoka litagwa, koma kuonetsetsa kuti mankhwala a tsiku ndi tsiku sakudukiza. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka. Munthu amaoneka bwinobwino pamene makina akuwerenga kupitirira 140 pa 90, ndipo kusiya mankhwala chifukwa choti mukupeza bwino ndiyo njira yachidule yopita ku sitiroko.

Mitengo nayo siima. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo poti mankhwala ambiri amachokera kunja, ndalama zimene zinali zokwana zinasanduka zoperewera. N'chifukwa chake thumbali lisakhale pamalo amodzi. Ndalama za miyezi itatu zikhale pamene mungazipeze usiku, ku akaunti yapadera kapena pafoni, ndipo onse awiri azidziwa katengedwe kake. Zotsalazo zikhale pamene zikubereka chiwongoladzanja, ndipo mwezi uliwonse penshoni ikabwera muziwonjezerapo kangachepe. Banki m'khonde ndi yabwino, koma si malo a ndalama zadzidzidzi, pakuti tsiku limene mukuzifuna zimakhala zili m'manja mwa obwereka. Ndipo thumbali likhale ndi lamulo limodzi: si la fetereza, si la ukwati, si la fizi.

Chovuta kuposa ndalama ndi manja. Wodwala wosadzuka amayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asachite zilonda za pamphasa. Zilondazi zimayamba m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene, pamene khungu limasintha mtundu kapena kutentha, ndipo zikatseguka zimatenga miyezi kuti zipole. Amafunanso kudyetsedwa atakhala tsonga kuti asatsamwe, ndi kuwongoledwa manja ndi miyendo tsiku lililonse kuti isakhwinyate. Mayi wa zaka 62, amene naye msana ukumuvuta, sangachite zonsezi yekha. Pakapanda dongosolo, tonse tikudziwa amene amaitanidwa: kamdzukulu kakakazi kamene kamasiyitsidwa sukulu. Choncho makolo aitane ana akadali athanzi, mwina pa Khirisimasi onse atabwera, agwirizane kuti wodwala adzakhala kuti, ndani adzapereka manja, ndani adzapereka ndalama ndipo zingati pamwezi. Wopereka manja naye azilandirako kanthu ndi masiku opuma, ngakhale ali mwana wa m'nyumba momwemo.

Ifenso a m'bungwe la amayi tidzifunse. Pafupifupi gulu lililonse lili ndi thumba la maliro, ndipo uthenga ukamveka ufa, nkhuni ndi chipepeso zimasonkhana dzuwa lisanalowe. Koma ndi magulu angati amene ali ndi thumba logulira mnzathu mankhwala a mwezi umodzi pamene wasowa? Amayi 40 atamasonkha K1,000 pamwezi, ndiye K40,000, yokwana kusunga munthu mmodzi pa mankhwala monga tawerengera muja. Tikhozanso kugula makina amodzi opimira kuthamanga kwa magazi, namwino wa m'parishi mwathu n'kutiphunzitsa kagwiritsidwe kake, ndi kulemba ndandanda yoti poyendera odwala awiri azitsala masana onse kuti wosamalirayo agoneko.

Amayi a mu mphakati mwathu aja akusamalabe amuna awo, ndipo Lachinayi lililonse awiri mwa ife timakawalandira. Tsiku lina tikupinda zofunda anandiuza kuti chimene chimawapweteka si galimoto ija, koma kuti pamene ndalama zinkagawidwa iwo anali kukhitchini akuphikira alendo. Ngati kwanu tsiku lopuma ntchito likuyandikira, mphikawo uyambe wadikira.